Magulupu owerenga a maudindo: ana anga angosanduka alembi, ndalakwitsa pati?

Madamu_Sita6
Moni nonse akuluakulu ndi anzanga. Ndithandizeni nzeru ndisanazitaye izi. Telemu ino ndinayambitsa zija za magulupu owerenga zoti mwana aliyense akhale ndi udindo wake, wina wofunsa mafunso, wina wonena nkhani mwachidule, wina wosaka mawu ovuta, wina wotsogolera. Ndili ndi ana 96 mu Sitandade 6 ndipo mabuku a Chichewa atsala 18 okha, enawo anang'ambika kalekale. Ndinadula katoni ya sopo nkulembapo maudindo ndi maka, ana ndinawagawa magulupu 12 a anthu 8. Tsiku loyamba zinkaoneka bho ndithu mpaka ahedi anasuzumira pazenera nkugwedeza mutu. Koma pano ndi sabata yachitatu ndipo zomwe zikuchitika ndi izi, aliyense amawerama nkulemba zake mukope, akamaliza wotsogolera amati "wofunsa werenga", uja awerenga mafunso ake atatu woyankha palibe, "wachidule werenga", uja ayamba nkhani yonse kuchokera pamutu mpaka pa mpumiro womaliza, "wamawu werenga", uja atchula mawu 10 opanda tanthauzo ndi limodzi lomwe, kenako onse "tamaliza madamu" mphindi 12 zisanakwane nkomwe, phokoso nkuyambika. Kukambirana kulibiretu. Ndalakwitsa pati?

Kadzidzi77
Simunalakwitse paliponse madamu, zinthuzi sizathu izi. Ndi za masukulu oti mukalasi muli ana 20 aliyense ndi buku lake. Ana 96 werengani nawo mokweza, lembani mafunso asanu pabolodi, chongani, basi mwagwira ntchito.

AgogoOpuma
Mwana wanga Madamu_Sita6, ndikufunseni kaye chinthu chimodzi. Musanawapatse makatoniwo, munatenga masiku angati mukuwaonetsa inuyo mmene wofunsa amafunsira, mmene wachidule amafupikitsira?

Madamu_Sita6
Agogo ndisaname, ndinafotokoza maudindo onse anayi tsiku limodzi, mphindi mwina 10, mawa lake tinayamba.

AgogoOpuma
Ndiye mwalipeza nokha vutolo. Katoni ija imangomuuza mwana dzina la ntchito, siimuphunzitsa ntchitoyo. Mukamupatsa munthu khasu nkumuuza kuti iwe ndi mlimi sikuti mizere iwongoka.

Mmene ine ndinkachitira ndi umu. Sabata yoyamba kulibe magulupu, kalasi yonse ndi ofunsa. Ndiwerenga ndime imodzi, ndiima, ndiyankhula mokweza zomwe zili m'mutu mwanga ngati wamisala, "apa ine ndikudabwa, bwanji munthuyu wanyamula khasu poti akupita paulendo?" Mawa lake tifunsa limodzi, mkuja afunsa awiriawiri. Sabata yachiwiri kalasi yonse ndi achidule. Yachitatu onse ndi osaka mawu. Makatoni amatuluka sabata yachinayi, mwana aliyense atalawa kale ntchito zonse. Inu amene munaphunzitsako m'makalasi a mmunsi chiyambireni pulogalamu ya kuwerenga ija ya 2016 mukuidziwa kale njira imeneyi, mphunzitsi achita, tichitira limodzi, kenako ana achita okha. Ndi yomweyo, kungoti inu munalumpha ziwiri zoyambazo nkufikira pomaliza.

Ndipo a Kadzidzi77 mukunena zoona theka. Zinachokeradi kunja, ku America, amayi awiri Annemarie Palincsar ndi Ann Brown ndi amene analemba za njirayi mu 1984, ndipo zinthu zake zinali zinayi, kulosera, kufunsa, kumasulira povuta ndi kufupikitsa. Koma chimene anthu amaiwala nchakuti ana amene ankagwira nawo anali oti mawu amatha kuwatchula bwinobwino koma osamva zomwe awerenga. Ana otere m'makalasi mwathu adzadza. Mwana awerenga ndime yonse ngati wa pawailesi, mumufunse kuti zachitika nchiyani akuyang'anani ngati mwamufunsa za ku mwezi.

Kadzidzi77
Masabata atatu osathamanga ndi sikimu agogo? Inu munapuma, ife akabwera a PEA, alangizi oyendera masukulu aja, amafuna aone kuti tili pa yuniti yanji kkkk

AgogoOpuma
Ndani wanena kuti muimitse sikimu achimwene? Nkhani zake ndi zomwezo za m'bukumo, yuniti yomweyo. Chosintha ndi amene akufunsa mafunso basi.

MwanaWaKoleji
Pepani ine ndili pa tichingi pulakatisi ndiye mwina ndifunsa zopusa. Zimenezi si zomwe zija za gulupu weki zoti pamakhala tcheya, sekilitale ndi wosunga nthawi? Ife timachita tsiku lililonse.

Mlenje_wa_Mawu
Ayi mng'ono wanga sizofanana. Tcheya ndi sekilitale ndi maudindo oyendetsa gulupu, angagwire ngakhale pa masamu kapena pomanga khola la nkhunda. Awa tikunenawa ndi maudindo a kuwerenga kwenikweniko, aliyense wagwira chidutswa cha zomwe munthu wodziwa kuwerenga amachita yekha m'mutu mosazindikira. Iwe ukamawerenga nyuzi umadzifunsa, umadumpha mawu achilendo nkuwaganizira, ukamaliza umatha kuuza mnzako m'mawu ochepa. Ndiye tikungozigawa kuti ana azione poyera.

Madamu_Sita6 tatipatsani nkhani imodzi imene munagwiritsa ntchito ndi zomwe ana analemba, tisamangoyankhula m'malere.

Madamu_Sita6
Chabwino. Iyi ndinalemba ndekha pabolodi Lachiwiri chifukwa mabuku samakwana:

"Chaka chimenecho mvula inadula mu Januwale chimanga chitangoyamba kumasula. Pofika mu Okutobala m'nkhokwe ya a Phiri munalibe ngakhale chitsononkho. M'mawa wina a Phiri anamanga matumba awiri opanda kanthu panjinga, anatenga khasu, nauza mkazi wawo kuti akupita kutsidya kukasuma. Patapita sabata ziwiri anabwera akukankha njinga, thumba limodzi lili lodzadza, m'manja muli matuza okhaokha. Mwana wawo Tadala anaona kuti wailesi imene inkakhala pazenera palibe, koma sanafunse."

Mafunso a gulupu ina anali awa: Mvula inadula mwezi wanji? Mwana wa a Phiri anali ndani? Matumba anali angati? Wachidule anakopera zonse kungochotsa chiganizo cha wailesi. Wamawu analemba Januwale, Okutobala, nkhokwe, njinga, kusuma, ndi ena. Nditamufunsa kuti kusuma nkutani anati nkupita kupolisi kukanena munthu.

DadaWakuMzimba
Kkkkk mwanayo ndi wa mtauni eti? A Phiri akasuma mvula kupolisi

Madamu_Sita6
Eee ndi mtauni dada, ambiri nkhokwe amangoiona pachithunzi.

Mlenje_wa_Mawu
Komatu musamuseke mwanayo, wakupatsani phunziro labwino kuposa lomwe munakonza. Kusuma kumene akukudziwako kulipodi, kukasuma mlandu kwa amfumu kapena kukhoti. Vuto lake nlakuti anatenga tanthauzo limene anali nalo kale osabwerera m'nkhani kukaona ngati likulowa. Ntchito ya wosaka mawu ndi imeneyotu, osati kutola mawu ngati akutola mtedza.

Ine ndimawaikira malamulo awa. Mawu asapose atatu. Ndipo asankhe okhawo oti gulupu ikapanda kuwamva nkhani yonse yasokonekera. Januwale si mawu ovuta, njinga si mawu ovuta, mwana amalemba amenewo chifukwa mwamuuza kuti apeze mawu ndiye akungodzadzitsa kope kuti musamukalipire. M'nkhani yanuyi mawu ake ndi kusuma, chitsononkho, mwina ndi kumasula, chifukwa nakonso ana a mtauni aganiza za kumasula chingwe.

Ndiye akafika pagulupu asanene tanthauzo. Awerenge chiganizo chonse mmene muli mawuwo, afunse anzake "mukuganiza kuti akutanthauza chiyani, ndipo mwaonera pati?" Wina akati kupolisi, ayese kuchotsa mawuwo nkuikapo tanthauzolo: a Phiri anamanga matumba awiri opanda kanthu, anatenga khasu, napita kupolisi kukanena munthu. Ana okha amaseka. Kupolisi ndi khasu? Ndi matumba? Nanga pobwera thumba ladzadza bwanji, matuza achokera kuti? Pamenepo amafika okha poti munthuyu anapita kukafuna chakudya kwina kumene kuli, mwina pogwira ganyu mwina posinthanitsa ndi katundu. Dikishonale sinafunike. Zala zawo zaloza khasu, matumba, matuza, umboni uli pabolodi pomwepo.

Pokhapo pamene nkhani siikupereka chothandizira chilichonse mpomwe amaloledwa kulemba mawuwo pakona ya bolodi kuti tithandizane kalasi yonse pomaliza. Chitsononkho mwina chikafika pakona imeneyo, ngakhale ndikukhulupirira kuti mwa ana 96 simungalephere mmodzi amene anakonolako chimanga kwa agogo ake patchuthi.

MayiWaMapasa
Ine sindine mphunzitsi ndine kholo chabe. Mwana wanga wina anapatsidwa udindo wa mawuwu kusukulu kwawo telemu yonse osasintha, ati chifukwa amawerenga pang'onopang'ono ndiye umenewo ndi wophweka. Mnzake wamapasa nthawi zonse ndi wotsogolera. Pano kunyumba uyu amati ine ndine wa mawu basi ndine mbuli. Zimandiwawa koma sindidziwa ngati ndikanene.

AgogoOpuma
Kanenani mayi, mwaulemu koma kanenani. Maudindo amayenera kuzungulira. Ukamusiya mwana pa udindo umodzi waphunzira gawo limodzi la magawo anayi, ndiponso ana sachedwa kuzindikira kuti katoni iyi ndi ya anzeru iyi ndi ya otsalira. Komanso aphunzitsiwo akulakwitsa poganiza kuti wa mawu ndi wophweka, mwaona nokha zomwe alemba a Mlenje pamwambapa.

Chipata_Kwathu
Kuno ku Chipata ine nisintha nchito zao tsiku lililonse, khadi imapita kwa wa kumanja. Palibe odandaula.

Mlenje_wa_Mawu
Tsiku lililonse ine ndimaona ngati nkothamanga. Mwana lero walakwitsa kufupikitsa, mwamukonza, mawa akanayesanso koma katoni yapita kale, adzaionanso patatha masiku anayi ataiwala. Ine ndimasiya sabata yathunthu.

Chipata_Kwathu
Sabata yonse mwana wamanyazi ali otsogolera gulupu imafa masiku asanu. Naona ine.

Mphwanga_wa_Choko
Nonse mukukamba ngati choko chilipo. Ife kuno bokosi limodzi tigawane makalasi 8, nkhani ya mawu 70 pabolodi ndiye kuti masamu sulemba kkkk

DadaWakuMzimba
Aise choko ndi nkhani ina, ife tinafika pogula tokha. Ndiye malipiro akachedwa umaphunzitsa ndi pakamwa basi.

Kadzidzi77
Mwayamba kunena zenizeni tsopano. Kuwonjezera apo piriyodi ya phala isanakwane palibe mwana amene amaganiza za a Phiri ndi njala yawo, ali ndi yakeyake

MayiWaMapasa
Kkkkk koma a Kadzidzi

Mphwanga_wa_Choko
Koma kunena zoona pa za choko, ine ndinayamba kulemba nkhani kuseri kwa makalendala akale ndi mapepala a simenti, ukalemba kamodzi ndi maka umapachika chaka chino ndi chamawa. Ndili nazo 14 pano. Mnzanga wa sitilimu B timabwerekana.

Madamu_Sita6
Zimenezo ndatenga achimwene. Koma tibwerere kwa wofunsa ndi wachidule chonde, amenewo ndi amene akundidwalitsa mutu.

AgogoOpuma
Tiyambe ndi wofunsa. Mafunso atatu aja a mwezi wanji, ndani, angati, si olakwa, koma ndi mafunso oti yankho lake uloza ndi chala nkukhala chete. Palibe chokambirana pa funso loti matumba anali angati. Ana amafunsa otere chifukwa ndi amene akhala akuwaona kumapeto kwa nkhani kuyambira Sitandade 2, akutsanzira ife.

Ine ndinkawauza kuti mafunso alipo a mitundu iwiri, la pamtunda ndi lokumba, ngati mbatata. La pamtunda yankho lili pamzere umodzi. Lokumba yankho lake silinalembedwe paliponse koma ukaphatikiza malo awiri kapena atatu a m'nkhani umalipeza. Wofunsa abweretse limodzi la pamtunda loti aliyense ngakhale wofooka ayankhe, ndi limodzi lokumba. Awiri basi. Ndipo ndinkawapatsa poyambira, "Nchifukwa chiyani...", "Tikudziwa bwanji kuti...", "Chikanachitika nchiyani kukanakhala kuti...".

Pa nkhani yanuyi taonani mmene mulili mbatata. Nchifukwa chiyani a Phiri anabwera akukankha njinga osakwera? Wina ati thumba limalemera, wina ati atopa ndi ganyu, wina ati tayala linaphwa. Wofunsa ndiye afunse, "umboni wako uli pati?" Wa thumba aloza, wa kutopa aloza matuza, wa tayala alibe poloza, ndiye aphunzira kuti ganizo lake nlotheka koma nkhani siikuliikira kumbuyo. Lina, wailesi inapita kuti? Ndipo lokoma kwambiri, nchifukwa chiyani Tadala sanafunse? Limeneli ana angakangane mpaka belu kulira, ndipo amene amaliyankha bwino nthawi zambiri si amene amakhoza mayeso, ndi amene kwawo zinawachitikirapo.

Chinthu china chaching'ono koma chimasintha zonse, wofunsa asawerenge mafunso ake onse nthawi imodzi. Afunse limodzi, atseke kope, asapitirire mpaka anthu awiri ayankhe ndipo wachiwiriyo ayambe ndi kunena ngati akugwirizana ndi woyamba kapena ayi. Inu vuto lanu lalikulu lili pamenepa, udindo uliwonse ukuthera mukope m'malo mothera kwa anzake.

MwanaWaKoleji
Agogo nanga yankho lolondola la wailesi ndi liti? A Phiri anakagulitsa eti?

Madamu_Sita6
Polemba ine ndinkaganiza kuti anapita nayo kukasinthitsa ndi chimanga.

DadaWakuMzimba
Koma nkhani ikuti anatenga matumba ndi khasu, wailesi siinatchulidwe ponyamuka. Ine ndikuti amayi ndi amene anagulitsa kuti ana adye sabata ziwiri zija bambo kulibe.

Madamu_Sita6
Iii dada mwandigonjetsa pa nkhani yanga yomwe kkkk

Mlenje_wa_Mawu
Mwaona zomwe zachitika apa? Akuluakulu atatu mwakangana za wailesi ya a Phiri ndipo dada abwerera m'nkhani kukatenga umboni. Chimenechi ndiye tikuchifuna kwa ana.

Za wachidule ndiyankhe ine. Kumuuza mwana kuti "fotokoza mwachidule" sikuthandiza, kwa iye chilichonse nchofunika ndiye amaopa kusiya kanthu. Mpatseni malire oti angathe kuwerenga ndi zala. Ine ndimachita ngati msika, mawu aliwonse ndi K100 ndipo uli ndi K1,500 yokha, ndiye mawu 15 osapitirira. Ayambe wafunsa zinthu zitatu, nkhaniyi ikunena za ndani, vuto lake linali chiyani, zinatha bwanji. Komanso bolodi asaliyang'ane polemba, atembenuke kapena buku litsekedwe, apo ayi akopera.

Pa nkhaniyi zingatuluke chonchi: "Chifukwa cha njala a Phiri anakagwira ganyu kutali nkubwera ndi thumba limodzi la chimanga." Mawu 14, watsala ndi K100 ya chenji. Taonani kuti mawu oti njala mulibe m'nkhani ya madamu, ganyu mulibenso. Umu ndi mmene mumadziwira kuti mwana wamva, wagwiritsa mawu ake kuphimba ziganizo zingapo. Mukaona chidule chili ndi mawu okhaokha a m'nkhani m'ndondomeko yomweyo dziwani kuti wangodula, sanafupikitse.

Akawerenga, gulupu ikhale ngati ogula ovuta, "pali chofunika chimene wasiya? pali mawu amene wawonongera ndalama?" Wina akafuna kuti wailesi ilowe auze gulupu kuti achotsa mawu ati kuti ndalama ikwane.

Kadzidzi77
Ndakugwirani a Mlenje. Chimanga mwachitenga kuti? Nkhani yangoti thumba lodzadza. Mwina ndi madeya, mwina makaka a chinangwa.

Mlenje_wa_Mawu
Kkkkk mwandigwiradi. Tiike "chakudya". Koma a Kadzidzi mwalowa m'gulupu mosadziwa, mmesa mumati sizathu izi?

Kadzidzi77
Ine ndikungokonza zolakwika. Funso langa likadalipo, MANEB pa PSLCE siifunsa mwana kuti unali wofunsa kapena wachidule. Imamupatsa nkhani ndi mafunso ayankhe yekha, opanda gulupu.

AgogoOpuma
Nchifukwa chake makatoni sayenera kukhala mpaka kalekale. Ngakhale Harvey Daniels, amene anatchukitsa za mapepala a maudindowa m'ma 1990 ku America komweko, pambuyo pake ankachenjeza kuti aphunzitsi akuwakakamira mopitirira, ana nkumangodzadza mapepala ngati mafomu. Ndi ndodo yophunzirira kuyenda. Ine pakatha telemu imodzi ndinkachotsa makatoni nkunena kuti lero aliyense abwere ndi funso limodzi lokumba, liwu limodzi, ndi chidule chake. Pamayeso mwana amakhala yekha inde, koma amakhala atazolowera kubwerera m'nkhani kukasaka umboni. Kuti zimakweza malikisi ndi angati sindikulonjezani, ndikungonena zomwe maso anga ankaona m'makope.

Madamu_Ntcheu
Ndalowa mochedwa. Ine ndili ndi 104 mu Sitandade 5 ndipo ndikufuna ndinene za nambala chifukwa palibe wayankha. Gulupu ya ana 8 maudindo 4 ndiye kuti anayi akungokhala, amenewo ndi amene amayambitsa phokoso. Ine udindo uliwonse amagwira awiriawiri, wowerenga bwino ndi wovutikirapo, katoni imodzi kope limodzi. Wovutikayo ndi amene amayankhula pagulupu, mnzakeyo amalemba. Nde piriyodi ya mphindi 35 ndimaidula chonchi, 5 ndiwerenga ine mokweza iwo akutsatira, 5 awerenganso pagulupu motsitsa, 8 awiriawiri akonza ntchito yawo, 12 kukambirana, 5 zomaliza ndisankha magulupu awiri okha atiuze funso limene linawavuta. Osati magulupu onse 13 kupereka lipoti, zimenezo zimadya piriyodi ya mnzako ndipo ana amagona. Ndipo pa 12 zija ndondomeko ndi wamawu poyamba, kenako wofunsa, wachidule pomaliza, chifukwa ngati kusuma sikunamveke mafunso onse apita kupolisi. Ine sindizungulira magulupu onse, ndimakhala pansi pa awiri tsiku limenelo nkumvetsera, mawa ena awiri. Kukacha bwino theka limatuluka pansi pa mtengo wa mango.

Madamu_Sita6
Apa ndiye mwandimasula amayi. Ine ndimayamba ndi wofunsa ndipo ndimathamanga magulupu onse 12 osamva chilichonse. Koma nanga amene sathiratu kuwerenga? Ndili nawo mwina 15 oti ngakhale maphatikizo akuvutika nawo.

Madamu_Ntcheu
Amamva nkhani ikamawerengedwa kawiri kaja ndipo pokambirana amayankha bwino zedi ena kuposa owerenga. Koma tisanamizane, gulupu siiwaphunzitsa kuwerenga, ikungowathandiza kuti asatsalire pa kuganiza. Amenewo amafuna nthawi yawoyawo ya maliwu ndi maphatikizo, ine ndimawatenga mphindi 20 tikaweruka kawiri pasabata, pamene ndili ndi mphamvu.

Mlenje_wa_Mawu
Pa kuphatikiza wamphamvu ndi wofooka ine ndimakayika pang'ono. Zomwe ndaona nzakuti wamphamvu amachita zonse nkumunong'oneza mnzakeyo zoti akanene, uja nkungolakatula ngati ndakatulo. Ine ndimakonda oyandikana mphamvu, kenako ofookawo ndiwapatse ndime yaifupi.

Madamu_Ntcheu
Nde mukatero mwapanga gulupu ya "mbuli" imene amadandaula MayiWaMapasa ija. Ana amadziwa achimwene, ngakhale muitche gulupu ya Mkango.

Mlenje_wa_Mawu
Amadziwanso amene akunong'onezedwa. Apa tisiyana basi amayi.

MwanaWaKoleji
Nanga pa Chingerezi zimatheka? Kuyambira Sitandade 5 zonse ndi Chingerezi ndiye ndikawaika m'magulupu amangokhala duu, ndikachoka ayamba Chichewa.

DadaWakuMzimba
Kwathu kuno ndi katatu, nkhani ya Chingerezi, ine ndifotokoza m'Chichewa, iwo akambirana m'Chitumbuka. Ine ndinasiya kulimbana nazo. Lamulo langa nlakuti kukangana kanganani m'chiyankhulo chilichonse koma funso lolembedwa, umboni umene ukuloza, ndi chidule cha mawu 15 zikhale m'Chingerezi. Ukawakakamiza Chingerezi chokhachokha amabwerera ku mafunso a ndani ndi angati chifukwa ndi okhawo amene angathe kuwapanga.

Kadzidzi77
Ndiye Chingerezi adzachiyankhula liti? Piriyodi yake ndi yomweyo, kunyumba sachimva. Inu mukuwapatsa chilolezo chothawa.

DadaWakuMzimba
Kukhala duu mphindi 12 nakonso si kuyankhula Chingerezi bwana.

AgogoOpuma
Mlandu uwu ndinaupeza ndikuyamba ntchito ndipo ndinausiya ndikupuma. Chokhacho ndinganene kwa mwana wa kolejiyu, yambira maudindowa pa phunziro la Chichewa mpaka awazolowere, usawapatse katundu awiri nthawi imodzi, chiyankhulo chachilendo ndi ntchito yachilendo.

Madamu_Sita6
Ndabwera ndi lipoti. Makatoni ndawatsekera mukabati kaye. Dzulo ndi lero kalasi yonse inali ofunsa, ndinabwereza nkhani yomwe ija ya a Phiri. Dzulo zinali zovuta, "nchifukwa chiyani mvula inadula mu Januwale" anandifunsa ana ngati 20, funso loti m'nkhani mulibe poyankhira, ndiye ndaona kuti poyambira paja pa "nchifukwa chiyani" amangomata paliponse. Ndinachita kuwonjezera kuti wofunsa akhale ndi malo awiri m'nkhani amene akuganiza kuti athandiza kuyankha, apo ayi funsolo silinapse. Lero kamtsikana kena kamene sikayankhula nkomwe kafunsa kuti bwanji anapita ndi matumba awiri nkubwera ndi limodzi lodzadza, linalo lili kuti. Kalasi inagawikana, ena akuti ganyu inali yochepa, ena akuti anadya konko, mnyamata wina akuti anamulanda pamalire chifukwa amalume ake zinawachitikira. Belu linalira tisanamalize ndipo ine za thumba lachiwirilo sindinaziganizeko polemba.

Kadzidzi77
Nanga munachonga chiyani mukope?

Madamu_Sita6
Funso limodzi aliyense ndi mizere iwiri ya umboni. Makope 91, asanu sanabwere. Ndikuchongabe pano, ndafika pa 40.

Mphwanga_wa_Choko
Madamu nkhani ya a Phiri ija ndaikopera kale pa kalendala, Lolemba ikulowa kwanga. Muli ndi ina yoteroyo? Koma ikhale ndi mawu a kunyanja ana anga ndi a kumapiri, ndione ngati wosaka mawu atuluka thukuta.